Ndemanga ya m'mbali mwa tsamba: ndi njira iti imene imaphunzitsa mwini zolemba?

Lipoti loyamba limene mnyamata wina ananditumizira linali la masamba awiri. Anali atangoyamba kumene ntchito, ndipo ankafuna kuti wina alione asanalipereke kwa akuluakulu ake. Ndinayatsa Track Changes mu Word, imene imaonetsa chilichonse chimene chasinthidwa, n'kukonza zonse zimene ndinaona, n'kumubwezera. Pasanathe mphindi khumi yankho linabwera: "Zikomo kwambiri, bambo, ndalandira." Mphindi khumi sizikwana kuwerenga zosintha zoposa 30, choncho ndinadziwa kuti wangodina Accept All, kuvomereza zosintha zonse nthawi imodzi. Patapita milungu itatu anatumiza lipoti lachiwiri, ndipo zolakwika zija zinabwereranso zonse ngati kuti sindinagwirepo ntchito. Ndinaziwerenga chimodzichimodzi: zinali 38.

Sindimuimba mlandu. Ndinamupatsa lipoti loyera, ndipo ndi limene anapempha. Chimene sindinamupatse ndi poyang'ana akamalemba yekha. Kuyambira pamenepo ndayesa njira zingapo zofotokozera zimene ndakonza, ndipo ndaona kuti iliyonse ili ndi mtundu wa cholakwika chimene imachiritsa, ndi mtundu wina umene imangouphimba. Ndigwiritsa ntchito lipoti lachiwirili poziyerekeza.

Zolakwika 38 zija zinali motere. Zokhudza l ndi r zinali 14. Nkhodolero yoikidwa pamene siyenera kukhala, monga "m'nyamata" ndi "m'tsogoleri", inapezeka malo 9. Mpatuliro unasowa malo 6. Mneni wosagwirizana ndi mwininkhani anapezeka kanayi. Zala zinaterereka katatu potayipa. Ndipo ziganizo ziwiri sizinkamveka chimene akutanthauza. Mukaonetsetsa, zimenezi si zolakwika 38 ayi. Ndi zizolowezi zinayi, ngozi zitatu ndi mafunso awiri.

Kukonza osanena kanthu

Iyi ndiyo njira yachangu kuposa zonse, ndipo pali malo amene ndi yokhayo yoyenera. Munthu akalemba "lipoit" m'malo mwa "lipoti", kapena "ndi ndi", palibe choti mumuphunzitse. Amadziwa kale, chala chinangothamanga. Kuika ndemanga pamenepo n'kumunyoza, komanso kumatenga malo a ndemanga zofunika.

Vuto limayamba cholakwikacho chikakhala chizolowezi. Track Changes, ngakhalenso Suggesting ya mu Google Docs, imaonetsa chimene chasintha, koma chifukwa chake sichioneka. Munthu wachidwi amayesa kudzipezera yekha lamulo, ndipo nthawi zambiri amapeza lolakwika. Akaona kuti "kulembela" mwasintha kukhala "kulembera", "kugulila" kukhala "kugulira", amaganiza kuti r ndiye wolondola paliponse pakati pa mawu. Ulendo wotsatira amakubweretserani "kugura" ndi "kutora". Mukaona zotere dziwani kuti munthuyo anaphunziradi kuchokera kwa inu, koma anaphunzira theka.

Palinso vuto laling'ono la maso. Nkhodolero yofufutidwa kapena mpatuliro woonjezedwa ndi kadontho kofiira chabe pakati pa mzere. Ngakhale munthu amene akuwerenga mosamala amakadumpha.

Kukonza n'kuika chifukwa mu mzere umodzi

Anthu ambiri akamva kuti afotokoze zimene akonza, amaganiza za njira iyi: kuunikira mawuwo, kudina `Ctrl+Alt+M` n'kulemba ndemanga m'mbali. Ndi njira yamphamvu, koma mphamvu yake yonse ili m'mawu amene mwasankha, ndiye tikhalepo pang'ono.

Tengani "kulembela" yemwe uja. Ndaonapo ndemanga zamitundu itatu pa cholakwika ngati chimenechi, ndipo ziwiri zoyambazo ndinazilembapo ndekha.

Yoyamba imangoti "Kalembedwe." Imeneyi yatchula dzina la matenda, koma mankhwala palibe. Mwini zolemba akudziwa kale kuti palakwika, poti mwakonzapo.

Yachiwiri ndi ndime yonse: mbiri ya malamulo a kalembedwe, kusiyana kwa katchulidwe m'madera, mawu obwereka, zonse. Wolemba ndemangayo amasangalala nayo. Woilandira amawerenga mzere woyamba n'kuona kuti ena atsala asanu ndi umodzi, basi n'kupitirira.

Yachitatu imati: "Yang'anani lembo la kumbuyo kwake. Likakhala e kapena i, lembani r: kulembera, kugulira. Likakhala a, o kapena u, lembani l: kugula, kutola." Mawu ake angopitirira pang'ono 20, koma ili ndi zinthu zitatu. Yauza munthu poika diso. Yamupatsa lamulo. Ndipo yamuonetsa mbali zonse ziwiri za lamulolo, kuti asathawe l n'kugwera mwa r. Chitsanzo cha mbali yachiwiricho ndi chimene anthu ambiri amasiya pofuna kufupikitsa, pamene ndi chomwe chimaletsa "kugura".

Ndemanga ikamayamba ndi chinthu choti munthu achite, monga "yang'anani", "yesani kuikapo", "dzifunseni", imagwira ntchito ngakhale inu kulibe. Ikamayamba ndi dzina la cholakwika, imafuna kuti munthuyo akhale akulidziwa kale dzinalo. Mawu ngati mgwirizanitsi kapena mphatikiram'tsogolo ndi abwino kwa amene amawakumbukira kuchokera kusukulu. Kwa amene anawaiwala, mwamupatsa ntchito ziwiri: kumasulira ndemanga yanu, kenako kukonza chiganizo chake.

Onani mmene zimakhalira pa mgwirizano. Mnyamata uja analemba kuti, "Mndandanda wa zipangizo zimene zinagulidwa zili pa tsamba 2." Ndikanangolemba kuti "mgwirizanitsi wolakwika", akanayang'ana "zipangizo" ndi "zili" n'kuona kuti zikugwirizana bwinobwino, n'kuganiza kuti ine ndi amene ndasokonezeka. Ndinalemba kuti: "Chili pa tsamba 2 n'chiyani? Mndandanda. Ndiye 'uli'. Mneni amatsata chimene mukunena, osati dzina limene wayandikana nalo." Chimene chimachititsa cholakwikachi ndi mtunda: mwininkhani ali kutali, ndipo dzina lina lalowa pakati n'kukoka mneni. Ndemangayo ikatchula chokokacho, munthu amayamba kuchiona m'ziganizo zina zazitali.

Akatswiri anafufuzapo za njirayi, makamaka pa anthu ophunzira Chingelezi ngati chinenero chachiwiri. Mu 2007 Younghee Sheen anayerekeza ophunzira amene ankangokonzeredwa ndi amene ankakonzeredwa n'kupatsidwanso chifukwa chachidule. Atayesedwanso patapita nthawi, a gulu lachiwirili ndi amene anasunga bwino zimene anaphunzira. Koma pali mfundo ina mu kafukufukuyo imene anthu amaiiwala: ankakonza mtundu umodzi wokha wa cholakwika, osati chilichonse chimene chinali papepala.

Ndipo apa ndi pamene njirayi imagwera. Ndemanga yabwino imanditengera mphindi imodzi ndi theka kuti ndiilembe n'kuidula. Pa zolakwika 38, ndiye pafupifupi ola lathunthu, pa masamba awiri okha. Mbali ya tsamba imadzaza mpaka ndemanga zimayamba kupanikizana, zina kubisika, moti munthu sadziwa kuti iyi ikunena mawu ati. Choipa kwambiri n'chakuti ndemanga ya l ndi r ikabwerezedwa ka 14, diso limaizolowera n'kuyamba kudumpha ndemanga zonse, kuphatikizapo ziwiri zija za ziganizo zosamveka, zimene zikanamuchititsa manyazi pamaso pa abwana ake.

Zilembo zachidule

Aphunzitsi a zinenero anapeza kalekale njira yothawira kubwerezaku. Mumagwirizana ndi mwini zolemba kuti LR akutanthauza l ndi r, NK ndi nkhodolero, MG ndi mgwirizano, MP ndi mpatuliro. Mukapeza cholakwika simukonza, mumangoika zilembo ziwirizo pambali, iye n'kukonza yekha.

Ubwino wake ndi woti dzanja limene likukonza ndi la mwini wake. Munthu amene wafufuta yekha l n'kuika r maulendo 14 amakhala atachita masewera olimbitsa chizolowezi chatsopano, pamene amene wadina Accept All sanachite chilichonse. Kwa inunso n'zosavuta: zilembo ziwiri, masekondi asanu.

Koma zilembozo pazokha siziphunzitsa. Dana Ferris ndi Barrie Roberts mu 2001 anayesa magulu atatu: ena anawadulira mzere pansi pa cholakwika n'kuikapo chizindikiro cha mtundu wake, ena anangowadulira mzere, ena sanawapatse kalikonse. Magulu awiri oyambawo anakonza bwino kwambiri kuposa lachitatu, koma pakati pa awiriwo panalibe kusiyana kwenikweni. Ine zimenezi ndimazimva motere: chimene chinathandiza ndi kulozeredwa malo. Chizindikiro chimakumbutsa lamulo limene munthu ali nalo kale m'mutu. Ngati alibe, LR ndi zilembo ziwiri chabe.

Ndiye njirayi imafuna zinthu ziwiri. Lamulolo likhale litafotokozedwa penapake, ndipo munthuyo akhale woti adzabweranso ndi zolemba zina. Kwa munthu amene watumiza kalata imodzi yofunsira ntchito, yoti ipite mawa, kumupatsa mndandanda wa zizindikiro zoti aloweze n'kumuzunza. Komanso zizindikiro zikapitirira zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, munthu amathera nthawi akubwerera ku mndandanda m'malo moyang'ana chiganizo chake.

Pano ndipatukeko pang'ono. Pali zizindikiro zina zimene okonza mabuku amagwiritsa ntchito papepala, zimene zinaikidwa mu miyezo ngati BS 5261 ndi ISO 5776: kachizindikiro kofufutira, koonjezera, kosinthanitsa malembo. Anthu ena amaganiza kuti zimenezi n'zophunzitsira. Ayi, zinapangidwira wosindikiza, kuti adziwe chochita popanda kufunsa. Zimanena kuti "chotsa ichi", chifukwa chake sizinena. Chimodzi chokha mwa zizolowezi zawo n'chimene ndimabwereka, ndipo ndichitchula kutsogoloku.

Kufunsa m'malo mokonza

Pali zolakwika zimene simungakonze ngakhale mutafuna, chifukwa yankho lili m'mutu mwa wolemba. Mu lipoti lija munali chiganizo chakuti, "Woyang'anira anauza mlonda kuti makiyi ake atayika." Kalembedwe kake kalibe vuto. Koma makiyiwo ndi a ndani? Ndikanasankha ndekha, ndikanatha kumulembetsa mnyamatayo bodza limene likanaika munthu wosalakwa m'mavuto. Ndemanga yanga inali: "Makiyi a ndani, a woyang'anira kapena a mlonda? 'Ake' angaloze onse awiri, ndiye tchulani mwini wake." Chachiwiri chinali cha manambala: m'ndime analemba kuti mipando inali 54, pa tebulo la manambala n'kulemba 45. Apa funso ndi lalifupi: "Ndime ikuti 54, tebulo likuti 45. Yolondola ndi iti?"

Funso lotere limaphunzitsa chifukwa limamuonetsa wolemba pamene wowerenga wapunthwa. Iye ankadziwa mwini makiyi, n'chifukwa chake sanaone vuto. Mukamuonetsa matanthauzo awiriwo, amadzionera yekha.

Koma pali mafunso ena amene si mafunso. "Kodi apa mukuona kuti pali bwino?" "Mwaonetsetsa?" Wofunsayo yankho ali nalo, akungolibisa. Ena amati akutero kuti munthu aganize, koma chimene chimachitika n'chakuti munthuyo amasintha mwachimbulimbuli, mwina kukonza mawu amene analibe vuto n'kusiya olakwikawo. Ine ndimafunsa pokhapokha ngati sindikudziwadi, kapena ngati funsolo likhala ndi yankho lake pomwepo, ngati lija la mndandanda.

Kusiyanitsa kumeneku kuli ndi mbiri yake. Mu 1996 John Truscott analemba nkhani imene inautsa mkangano, yonena kuti kukonza zolakwika za galamala m'zolemba za ophunzira chinenero sikuthandiza ndipo kusiyidwe. Ferris anamuyankha mu 1999, ndipo mwa zina anasiyanitsa zolakwika zimene zili ndi lamulo loti munthu angalitsate, ndi zimene zilibe, monga kusankha liwu losayenera. Kusiyanitsako n'kothandiza kwambiri pa ntchito yathu. Cholakwika cha lamulo mungachilozere chabe, munthu n'kuchikonza. Cha liwu losayenera, kuchidulira mzere sikuthandiza, chifukwa palibe lamulo loti akayang'ane. Pamenepo mupatseni liwu loyenera, n'kumuuza kusiyana kwake mwachidule. Wina akalemba "anabwereka ofesi ina makina athu" pamene akutanthauza kuti anapereka, ndemanga ikhale: "Kubwereka kungamvekenso ngati kulandira, koma kubwereketsa n'kupereka. Apa mwapereka." Basi.

Kakalata kapamwamba

Njira ina ndi kusaika ndemanga zambiri mkati, koma kulemba mizere yochepa mu uthenga umene mukubwezera zolembazo, yotchula zizolowezi zimene mwaona. Ubwino wake waukulu ndi woti imawerengedwa. Munthu angadumphe ndemanga za m'mbali, koma uthenga wapamwamba amauona asanatsegule n'komwe fayilo. Imamuonetsanso kuti phiri lofiira lija ndi zinthu zochepa zobwerezabwereza, ndipo mtima umakhala m'malo.

Kufooka kwake n'koti ili kutali ndi malo a ngozi. "Samalani ndi mgwirizano" ndi malangizo amene munthu amavomera ndi mutu n'kuiwala. Kakalatako kamagwira ntchito kakatenga chitsanzo m'zolemba zake zomwezo, n'kutchula tsamba. Ndipo kasapitirire zinthu zitatu. Mukatchula zisanu ndi ziwiri, mwangosamutsa phiri lija kuchoka m'mbali kupita pamwamba.

Ena amakonda kuimba foni kapena kutumiza uthenga wamawu. Pa chiganizo chosokonekera, mphindi ziwiri zokambirana zimaposa ndemanga zisanu. Koma pa kalembedwe n'zosathandiza: l ndi r sizisiyana bwino m'khutu, nkhodolero simveka, ndipo munthu sangabwererenso kukayang'ana mawu amene anangowamva.

Mmene ndinachitira ndi zolakwika 38

Zitatu za kuterereka kwa zala ndinakonza osanena kanthu. Ziganizo ziwiri zosamveka ndinaika mafunso aja, osakhudza mawu ake. Pa zizolowezi zinayi, ndinakonza malo oyamba okha n'kuikapo ndemanga yathunthu. Malo ena ambiri ndinangoika chizindikiro, osakonza. Ndiye l ndi r: ndemanga imodzi, LR 13. Nkhodolero: ndemanga imodzi, NK 8. Mgwirizano ndinauchitira mosiyana pang'ono, ndinafotokoza kawiri, chifukwa chiganizo chachiwiri chinali ndi chokoka cha mtundu wina, ndipo awiri otsalawo ndinaika MG. Mpatuliro ndinafotokoza kamodzi, pa chiganizo chakuti "Titamaliza kuwerengera katundu tinatseka chipinda": "Chiganizo chikayamba ndi 'tita-', 'ata-' kapena 'ngati', ikani mpatuliro pamene gawo loyambalo lathera." Malo asanu otsalawo ndinangoikamo mpatuliro ndekha. Ndinaona kuti kumupatsa ntchito zinayi nthawi imodzi n'kumulemetsa, ndipo mpatuliro ndi umene unali wosavulaza kwambiri.

Zonse pamodzi, ndemanga zolembedwa zinali zisanu ndi ziwiri m'malo mwa 38, ndipo zinanditengera mphindi pafupifupi 20. Pamwamba ndinalemba kuti: "Achimwene, pali mafunso awiri oti muyankhe poyamba, pa tsamba 1 ndi 2, chifukwa akukhudza zoona zake za lipoti. Kenako zinthu zitatu zimene zikubwerezabwereza: l ndi r, nkhodolero, ndi mgwirizano. Chilichonse ndafotokoza pamene chayambira kuoneka. Kwinako ndangolozera, mukonze nokha."

Ndinaonjezera kanthu kamodzi kamene kamathandiza pa zolakwika zooneka ndi maso. Ndinamuuza kuti asanatumize lipoti lililonse adine `Ctrl+F` n'kufufuza "ela", "ila" ndi "ele", n'kuyang'ana malo alionse amene apezeka. Ndinamuchenjezanso kuti asagwiritse ntchito Replace All, chifukwa "chilango" ndi "ndilankhule" nawonso ali ndi "ila", pamene l wawo ndi wolondola: ali kumayambiriro kwa tsinde la liwu, ndipo i wa kumbuyo kwakeyo ndi wa kachidutswa kophatikizidwa kutsogolo kwa tsindelo. Ili ndi gawo la lamulo limene silinakwane mu ndemanga ya mawu 20 ija, ndiye ndinaliika apa.

Njira yosakanizayi ili ndi mtengo wake, ndipo ndibwino kuunena. Zolemba zimene mwabweza sizinathe kukonzedwa. Ziyenera kubwereranso kwa inu kuti muone ngati wakonza bwino. Ngati nthawi palibe, kapena ngati munthuyo wakulipirani kuti mumupatse chinthu chomalizidwa, musamusandutse mwana wasukulu iye asanavomere. Mufunseni poyamba: mukufuna ndingokonza, kapena mukufuna muzidziwanso chifukwa chake? Akati nthawi yathina, konzani zonse, n'kusiya ndemanga zoyamba zija ndi kakalata kapamwamba. Aphunzira pang'ono, komabe kuposa kungolandira fayilo yofiira.

Cholakwika, kusasinthasintha, ndi zokonda zanu

Pali chinthu china chimene chimaononga njira zonsezi ngati simusamala: kukonza zinthu zamitundu yosiyana ndi liwu limodzimodzi. "Nkani" m'malo mwa "nkhani" ndi cholakwika. Koma munthu amene walemba "adapita" pamene inu mumalemba "anapita" sanalakwe. Amene walemba "mau" kapena "bvuto" akutsata kalembedwe kakale, kamene kakupezekabe m'mabuku ambiri, ndipo wolemba Chinyanja wa ku Zambia akalemba "cinthu" akutsata kalembedwe ka kwawo. Zoterezi zimakhala vuto pokhapokha munthu akasakaniza, "mau" pa tsamba loyamba, "mawu" pa lachiwiri, kapena ngati kumene zikupitako amafuna kalembedwe kamodzi.

Mukazikonza zonsezi ngati zolakwika, mwini zolemba amaphunzira lamulo limene kulibe. Kapena, ngati ndi wodziwa, amazindikira kuti apa mwangosintha chifukwa chokonda, n'kuyamba kukayikira ndemanga zanu zonse, ndi zoona zomwe. Ine ndimayamba ndemanga ndi liwu limodzi losonyeza kulemera kwake. "Lamulo:" ndi choti akonze. "Sankhani chimodzi:" ndi cha kusasinthasintha, monga "Sankhani chimodzi: mwalemba 'mawu' kasanu, 'mau' kawiri." Ndipo "Maganizo anga:" ndi chimene angakane popanda kupepesa. Apa ndi pamene ndimabwereka chizolowezi cha osindikiza chija. Iwo ali ndi liwu lakuti stet, la Chilatini, lotanthauza kuti chikhale momwemo, limene amalemba pamene chosintha chakanidwa. Ndimamuuza mwini zolemba kuti pa "maganizo anga" ali ndi ufulu woyankha kuti "zisiyeni". Munthu amene wakana chosintha n'kupereka chifukwa chake waganizira chiganizo chake mozama kuposa amene wavomera zonse.

Za kamvekedwe ka ndemanga sindinena zambiri. Kufupikitsa kumachititsa mawu kumveka okalipa ngakhale simunafune. "Ayi." "Zolakwika." "Kachiwirinso?!" Mankhwala ake si kuika "pepani" paliponse, koma kuloza chiganizo m'malo moloza munthu: "apa mneni watsata dzina lapafupi", osati "simudziwa mgwirizano".

Mungadziwe bwanji kuti njira imene mwasankha yagwira? Osati poona lipoti lokonzedwalo, chifukwa limenelo limayera ndi njira iliyonse. Muone zolemba zatsopano zimene walemba yekha, n'kuwerenganso zizolowezi zomwe zija. Mu lipoti lachitatu la mnyamata uja, l ndi r zinatsika kuchoka pa 14 kufika pa 2, ndipo ziwirizo zinali m'ndime yomaliza, pamene mwina anali atatopa. Mgwirizano sunasinthe kwenikweni, unapezeka katatu. Sindinadabwe, chifukwa umenewu suoneka ndi `Ctrl+F`, umafuna kuti munthu agwire chiganizo chonse m'mutu, ndipo umatenga nthawi. Mpatuliro, umene ndinamukonzera ndekha, unasowa monga kale.

Nkhodolero ndiyo inandiphunzitsa ine. Ndemanga yanga inali yakuti: "Yesani kuikapo 'mu'. Zikamveka kuti mkati, nkhodolero ikhalepo: m'nyumba, m'chipinda. Zikapanda kutero, ichoke: mnyamata, mtsogoleri." Anaimva bwino, ndipo "m'nyamata" sanabwerenso. Koma sabata yotsatira anandionetsa kalata yopempha tchuthi cha masiku awiri, ndipo analembamo kuti akufuna kukaona "mbale wanga amene akudwala". Anatsata lamulo langa ndendende: anayesa kuikapo "mu", sizinamveke kuti mkati, n'kuchotsa nkhodolero. Ine ndi amene ndinadula lamulolo mpaka kutaya mawu ngati "m'bale" ndi "m'busa", mmene m amatchulidwa payekha, ndipo nkhodolero ndi imene imasiyanitsa wachibale ndi mbale yodyera. Ndinabwezeretsa nkhodoleroyo n'kulemba pambali kuti: "Apa wolakwa ndine, lamulo lija ndinalidula kwambiri. M'bale ndi munthu, mbale ndi chiwiya. Tchulani mokweza, mumva kuti m wa m'bale akuima payekha." Ndemanga ya nkhodolero imene ndimatumizira anthu ena tsopano ili ndi mzere wachiwiri umenewu.